Musanamve mawu, dziwani ngati mpata ukufuna nambala, dzina kapena malo

Pa mayeso omvetsera a IELTS mawu amamveka kamodzi kokha, sabwerezedwa. Mafunso alipo 40, ogawidwa m'zigawo zinayi, ndipo zonse zimatha mu mphindi pafupifupi 30. Mwa mafunso amenewa, ambiri amabwera ngati manotsi kapena fomu yokhala ndi mipata yoti mudzaze. Chigawo chilichonse chisanayambe amakupatsani kanthawi kowerenga mafunso, kawirikawiri pafupifupi theka la mphindi. Malangizo anowa ndi a zoti muchite mu kanthawi kameneko, chifukwa malikisi ambiri a chigawo choyamba amapezeka kapena kutayika pomwepo, wolankhula asanatsegule n'komwe pakamwa.

Ndikulembera makamaka anamwino, azachipatala ndi aphunzitsi a kuno ku chigwa, a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka Nsanje, amene akukonzekera mayesowa paokha akaweruka kuntchito. Bungwe lolembetsa anamwino ku Britain limafuna 7 pa gawo lomvetsera la IELTS, ndipo 7 ameneyo amabwera mukakhoza mafunso pafupifupi 30 mwa 40. Ndiye kuti muli ndi mwayi wolakwa mafunso khumi okha. Zigawo zachitatu ndi zachinayi n'zolimba ndipo zidzadya ena mwa khumiwo, mufune musafune. Chigawo choyamba, chimene anthu awiri amacheza nkhani wamba monga kusungitsa malo kapena kulembetsa maphunziro, sichiyenera kukudyerani ngakhale limodzi.

Luso lake muli nalo kale. Taonani uthenga uwu, wonga umene timamva pa wailesi kapena ku tchalitchi: "Mwambo woika m'manda malemu a ______ udzachitika pa ______ Juni, m'mudzi mwa ______, kuyambira ______ koloko m'mawa." Palibe amene angaike dzina la mudzi mu mpata wachiwiri. Mwadziwa kuti woyamba ndi dzina la munthu, wachiwiri ndi deti, wachitatu ndi mudzi, wachinayi ndi nthawi, ngakhale simukudziwa womwalirayo. Chakuuzani ndi mawu oyandikana ndi mpatawo. Ntchito yathu ndi kuchita zomwezo pa Chingerezi, mwachangu, mtima ukugunda.

Pali chinthu chimodzi choti timvane poyamba. Simukulosera yankho. Mukulosera mtundu wa yankho. Amene waganiziratu kuti yankho ndi Lachisanu amamva Lachisanu ngakhale wolankhula wanena Lachinayi. Amene wangoganiza kuti pakubwera tsiku amadikira modekha n'kulemba lomwe lanenedwa.

Choyamba, werengani lamulo la pamwamba

Pamwamba pa mafunso pamakhala mzere wonena kuchuluka kwa mawu ololedwa. Masekondi awiri akwana, koma musaudumphe, chifukwa umasintha pakati pa mayeso omwewo. Ukakhala `ONE WORD ONLY`, mwadziwiratu kuti simukusaka manambala, ndipo ntchito yachepa. Ukakhala `ONE WORD AND/OR A NUMBER`, yankho likhoza kukhala liwu limodzi, nambala yokha, kapena zonse ziwiri limodzi, monga deti la `13 March`. Mukapyola malire, yankho lalakwika ngakhale mwamva bwino. Munthu amene walemba `the library` pamene akufuna liwu limodzi wataya malikisi amene anali kale m'manja.

Mukatero onani mutu wa manotsiwo. Mutu umakuuzani dziko limene mukulowa. Ngati ndi kubwereka nyumba, manambala ake adzakhala a lendi ndi zipinda. Ngati ndi ulendo, adzakhala a nthawi yonyamuka ndi mtengo wa tikiti.

Chachiwiri, yang'anani kumanzere ndi kumanja kwa mpata

Apa ndiye pagona nkhani. Musawerenge mzere wonse ngati nyuzipepala. Diso lipite pa mpata, lione liwu lomwe lili patsogolo pake ndi lomwe lili pambuyo pake, kenaka muike chizindikiro. Ine ndimalangiza zilembo zinayi zokha: N ya nambala, D ya dzina, M ya malo, ndi C ya chinthu china chimene sichili mwa zitatuzi. Pa mayeso a pepala zilembeni ndi pensulo pambali pa mpata. Pa mayeso a kompyuta musalembe zizindikirozi m'bokosi la yankho, mungaiwale kuzifufuta. Zisungeni m'mutu kapena pa pepala lapadera ngati mwapatsidwa.

Mipata ya nambala ndiyo yosavuta kuizindikira. Chizindikiro cha ndalama monga `£` kapena `$` patsogolo, kapena `%`, `km`, `minutes`, `per week` pambuyo, sizisiya chikaiko. Chimodzimodzi `Tel`, `maximum`, `aged`. Koma musalekere pa N. Dzifunseni kuti ndi nambala yanji komanso ndi yaikulu bwanji. Mtengo wa maphunziro a tsiku limodzi ukhoza kukhala mapaundi makumi angapo, osati masauzande. Deti silipyola 31. Zaka za ana oyamba kusambira sizingakhale 60. Malire amenewa adzakuthandizani pamene khutu lakaikira.

Mipata ya dzina ili mitundu iwiri. Wina ndi dzina la munthu, ndipo umadziwika ndi `Mr`, `Mrs`, `Dr`, `Surname`, `Contact`, `ask for`. Wina ndi dzina la msewu kapena nyumba, ndipo chizindikiro chake chili kumanja: mpata wotsatiridwa ndi `Road`, `Street`, `Avenue`, `Hotel` kapena `College`, woyamba ndi chilembo chachikulu. Mukaika D, khutu likonzekere zilembo, chifukwa dzina lachilendo amalitchula chilembo chimodzichimodzi. Dzina likakhala liwu wamba, monga `Station` kapena `Church`, nthawi zambiri salitchula motero, amayembekeza kuti mukudziwa kalembedwe kake.

Mipata ya malo imabwera pambuyo pa `near`, `opposite`, `behind`, `next to`, kapena mitu ngati `Venue` ndi `Location`. Apa funso lachiwiri ndi lakuti: kodi ndi malo wamba kapena dzina la malo? Pakakhala `the` patsogolo pa mpata, kawirikawiri ndi malo wamba, monga laibulale, banki, siteshoni. Popanda `the`, yembekezani dzina la tauni kapena dziko.

Tsopano timawu tina timapusitsa, ndipo ndi bwino kutidziwa. Ife tomwe timati "pa Thabwa" n'kunenanso "pa 5 Juni", liwu lomwelo kutumikira malo ndi deti. Chingerezi chimatero kwambiri. `at` ikhoza kutsogolera nthawi kapena malo. `on` ikhoza kutsogolera tsiku, deti, msewu, kapena nsanja ya nyumba. `in` ikhoza kukhala mwezi, chaka kapena mzinda. `from` ndiye wosakhulupirika kuposa onse: malo, deti loyambira, mtengo wotsikitsitsa, ngakhale munthu. `by` ikhoza kukhala tsiku lomaliza, njira yoyendera kapena njira yolipirira. Mukakumana ndi timawu totere, onjezani liwu limodzi kumanzere. `Pay by` ndi njira yolipirira kapena tsiku lomaliza kulipira, `Travel by` ndi basi kapena sitima. Zikakanabe, ikani zizindikiro ziwiri, monga N/M, mupitirire. Kukhala masekondi khumi pa mpata umodzi n'kuba nthawi ya mipata inayo.

Tiyeni tichite limodzi

Nawa manotsi amene ndapanga ngati chitsanzo, m'kalembedwe ka chigawo choyamba. Munthu akuimba foni kulembetsa maphunziro a chithandizo choyamba.

```
Write ONE WORD AND/OR A NUMBER for each answer.

First-aid course: booking notes
Surname: 1 ______
Address: 2 ______ Station Road
Starts on: 3 ______
Venue: room above the 4 ______
Arrive at: 5 ______
Cost: £ 6 ______ per person
Tutor: Mrs 7 ______
Bring a 8 ______
```

Musanawerenge zotsatirazi, yesani nokha, ndipo dzipatseni masekondi 30 pa wotchi.

Mpata 1 ndi D, ndipo zilembo zikubwera. Mpata 2 anthu ena amauika D poona liwu la `Address`, koma dzina la msewu lalembedwa kale. Chotsala ndi nambala ya nyumba, N, mwina yokhala ndi chilembo ngati 14B. Mzerewo ukanakhala `14 ______ Road`, bwenzi ili D. Mukuona kuti mutu womwewo umafuna zinthu zosiyana malinga ndi pomwe mpata wakhala. Mpata 3 uli ndi `on`, ndipo lamulo likulola liwu ndi nambala, choncho ndi tsiku kapena deti. Mpata 4 uli ndi `above the`, malo wamba, M. Mpata 5 uli ndi `at` yopanda `the`, komanso malo anenedwa kale mu mzere wapamwamba, ndiye ndi nthawi, N. Mpata 6 ndi N, ndipo chizindikiro cha paundi chilipo kale, simudzachilembanso. Mpata 7 ndi D. Mpata 8 si nambala, si dzina, si malo. Ndi chinthu chonyamulika, chimodzi chokha chifukwa cha `a`, ndipo sichiyamba ndi mawu a vawelo, apo ayi akanalemba `an`.

Tsopano mawu ayamba. Mayi wa ku ofesi afunsa dzina, woimbayo atchula dzina lake la ubatizo n'kuwonjezera la bambo, kenaka n'kuyamba zilembo: R, O, W, L, E, Y. Inu munali mutadziwa kuti fomu ikufuna `Surname`, choncho dzina loyambalo mwalisiya lidutse, ndipo pensulo inali kale pa pepala pamene R amamveka. Amene sanakonzeke amadzidzimuka pa chilembo chachitatu, ndipo ziwiri zoyambazo zapita.

Pa adiresi woimbayo anena nambala imodzi yokha, ndipo khutu likukaika ngati ndi 14 kapena 40. Apa kulosera sikungakupulumutseni, chifukwa zonse ziwiri ndi nambala za nyumba zotheka. Lembani yomwe mwamva koyamba, ikani kadontho pambali, musaime. Kawirikawiri winayo amabwereza nambala potsimikiza, ndipo mwayi wachiwiri womvera ndi umenewo.

Pa mpata 3 ndi pamene msampha weniweni uli. Mayi uja akuti pali maphunziro oyamba pa 6 Malichi, koma malo adzaza, ndipo otsatira ndi a pa 13. Woimbayo avomera. Mwamva madeti awiri, onse a mtundu umene munalosera. Yankho ndi `13 March`. Chimodzimodzi pa mpata 4: akuti kale ankaphunzirira mu holo ya tauni, koma chaka chino asamukira m'chipinda cha pamwamba pa laibulale. Holo ndi malo, laibulale ndi malo. Chimene chikusankha ndi mawu a pa pepala, `room above the`. Ndipo wolankhulayo mwina sanena `above`, anena `over` kapena `upstairs from`. Mawu a pa pepala samveka ndendende m'makutu, amasinthidwa ndi ofanana nawo. Yankho lokha ndilo limamveka monga momwe muyenera kulilembera, musalisinthe.

Pa mpata 5 akuti maphunziro amayamba 9:30 koma aliyense afike 9:15 kuti alembetse. Pepala likuti `Arrive`, osati `Starts`. Pa mpata 6 akuti mtengo wake ndi mapaundi 50, koma amene akulembetsa mwezi uno amalipira 35, ndipo woimbayo akulembetsa lero. Yankho ndi 35. Pa mpata 7 dzina likhoza kukhala losavuta ngati `Green`, osatchulidwa zilembo. Pa mpata 8 akuti mabuku ndi zolembera adzapereka okha, koma aliyense abweretse thawulo logwadira pansi. Mabuku ndi ambiri ndipo si inu obweretsa. `towel` ndiye akukwana pambuyo pa `a`.

Taonani zimene zachitika. Kulosera sikunakupatseni yankho ngakhale limodzi. Kwangochepetsa zomvetsera: mwa mawu mazana amene anthu awiriwa alankhula, pa mpata uliwonse mumasankha pakati pa awiri kapena atatu okha. Zili ngati munthu woima pa siteji ya Thabwa kudikira galimoto ya ku East Bank. Oitanira akufuula Nchalo, Ngabu, Nsanje, iye sakutekeseka, koma wina akangoti Fatima khutu lake lagwira pakati pa phokoso lonselo.

Chachitatu, musatseke yankho msanga

Lamulo langa ndi ili: lembani yankho loyamba mopepuka, koma khutu likhalebe pa mpata umenewo mpaka nkhani itasintha. Mawu ochenjeza kuti yankho likusinthidwa ndi ochepa ndipo amabwerabwera: `actually`, `sorry`, `but`, `no, wait`, `used to`, `instead`. Mukamva amodzi mwa amenewa nambala kapena malo atangotchulidwa kumene, dziwani kuti china chikubwera. Koma musapange chizolowezi choti yankho lachiwiri ndilo lolondola nthawi zonse. Nthawi zina loyamba ndilo loona, lachiwiri n'longokanidwa. Woweruza ndi mawu a pa pepala.

Mayankho amabwera motsatana ndi manambala a mafunso, ndipo apa zizindikiro zanu zimagwira ntchito ina yofunika. Tinene kuti mukudikira malo a mpata 4, kenaka mwamva akukamba mapaundi. Mtengo ndi mpata 6. Ndiye kuti 4 ndi 5 zakudutsani. Zisiyeni, lumphirani pa 6 pomwepo. Munthu wopanda zizindikiro amakhala pa mpata 4 kudikira mpaka wolengeza anene kuti chigawo chatha, ndipo m'malo motaya awiri wataya asanu. Chifukwa cha ichi, diso lizikhala pa mipata iwiri nthawi imodzi, umene mukuyankha ndi wotsatira. Mipata yodutsa mudzaidzaze pomaliza ndi chilichonse cha mtundu woyenera, popeza yankho lolakwa silichotsetsa malikisi.

Kumene khutu ndi dzanja lathu zimaterereka

Mukhoza kulosera bwino, kumva nthawi yake, n'kulakwabe polemba. Pa mayesowa kalembedwe kolakwika ndi yankho lolakwa. Pali malo angapo amene ife olankhula Chichewa, Chimang'anja ndi Chisena timagwa kawirikawiri, ndipo ndi oti mungawakonze sabata zochepa.

Pa mayina, vuto loyamba ndi mavawelo. Mzungu akatchula chilembo E, khutu lozolowera a, e, i, o, u wa sitandade wani limamva "i", ndipo dzanja limalemba I. Akatchula A timamva "e". Akatchula R m'katchulidwe ka ku England, kumamveka ngati "aa", ndipo ena amalemba A. Onjezanipo G ndi J zimene zimasinthana. Dzina lija la R, O, W, L, E, Y lili ndi misampha itatu: R woyamba, E wa kumapeto, ndi W amene dzina lake limayamba ngati `double`, moti wina amadikira chilembo chobwerezedwa. Akati `double L` ndiye kuti ma L awiri.

Vuto lachiwiri ndi l ndi r. M'Chichewa kusinthanitsa ziwirizi sikusintha tanthauzo, choncho khutu silinaphunzire kuzilekanitsa ndipo dzanja limalemba mwachizolowezi. Mawu a malo amene amabwera kawirikawiri ali nazo zambiri: `library`, `gallery`, `laboratory`, `railway`, `restaurant`. Musadalire khutu pa mawu amenewa. Alowezeni ndi maso ndi dzanja, monga momwe munalowezera mayina a mankhwala.

Pa manambala, tonse timawerenga ndalama ndi manambala a foni m'Chingerezi tsiku lililonse, ndipo izi zimatipatsa chidaliro chonyenga. Pa msika wa Nchalo "fifitini" ndi "fifite" sizisokonezeka, chifukwa timazitchula mokwanira, china n'chachitali kuposa chinzake. M'kamwa mwa Mngelezi kusiyana kwake n'kochepa. 50 amatsindika koyambirira, mapeto n'kufupika. 15 amakoka kumapeto ndipo pamamveka n. Koma 15 akatsatiridwa ndi liwu lina, monga mapaundi kapena mphindi, kutsindika kuja kumatha kusunthira kutsogolo, ndiye chotsala chodalirika ndi kutalika kwa mapeto ndi n ameneyo. Apa m'pamene malire amene munaganizira aja amathandiza. Ngati mpata ndi wa msinkhu wa ana ololedwa kulowa ulere, 16 ndi womveka kuposa 60.

Pa manambala a foni, ziro amamutchula `oh` kawirikawiri, ndipo 77 amati `double seven`. Nambala ya foni ya m'manja ya ku Britain ili ndi manambala 11 ndipo imayamba ndi 07, pamene zathu za 088 ndi 099 zili ndi 10. Dzanja lozolowera khumi limatha kuima lisanamalize. Lembani mpaka wolankhula atasiya.

Ndiye pali mpata umodzi umene umasokoneza zizindikiro zathu zonse, wa `Postcode`. Ife tinazolowera bokosi la ku positi ofesi, choncho ambiri amaika N n'kudikira manambala okhaokha. Ya ku Britain imasakaniza zilembo ndi manambala, imayamba ndi chilembo ndipo imatha ndi nambala imodzi yotsatiridwa ndi zilembo ziwiri. `Reference number`, nambala ya ndege ndi nambala ya galimoto nazonso zimasakaniza. Pa mipata yotere ikani N/D, kutanthauza kuti khutu lilandire zonse.

Za zilembo zazikulu musade nazo nkhawa kwambiri. Mukhoza kulemba mayankho onse m'zilembo zazikulu, ndipo kwa amene zolemba zawo n'zothamanga ngati za pa kadi ya wodwala, ndi njira yabwino pa pepala.

Pa zigawo zina

Mu chigawo chachinayi, chimene munthu mmodzi amaphunzitsa ngati ku koleji, manotsi amabweranso, koma mafunso onse khumi mumawaona nthawi imodzi ndipo palibe kupumira kwenikweni pakati. Lamulo lake kawirikawiri ndi liwu limodzi, ndipo mipata yambiri imakhala C. Musakakamize N, D ndi M pamene palibe. Funso limasanduka lakuti: chinthu chimodzi kapena zambiri, ntchito kapena mkhalidwe? Njira yoyang'ana kumanzere ndi kumanja ndi yomweyo. Kwa amene mwasankha OET, mayeso ena a Chingerezi a azachipatala, gawo A la kumvetsera ndi manotsi okhaokha a kucheza kwa wachipatala ndi wodwala, macheza awiri, mipata 12 pa aliwonse. Kumeneko manambala ake ndi a nthawi imene matenda atenga kapena mlingo wa mankhwala, ndipo "malo" kawirikawiri ndi chiwalo cha thupi. Inu a m'mawodi mitu imeneyo mumaidziwa kuposa ine.

Mmene mungayeserere kunyumba

Ntchito yoyamba siifuna magetsi, mahedifoni kapena bandulo. Tengani mapepala a mafunso akale okhala ndi mayankho ake kumapeto. Osayatsa mawu. Ikani wotchi pa masekondi 30, ikani zizindikiro pa mipata isanu kapena isanu ndi umodzi, kenaka tsegulani mayankho muone ngati mtundu unali wolondola. Simukuyesa kumva, mukuyesa diso. Pomwe mwaphonya, funsani kuti ndi liwu liti loyandikana ndi mpata limene linakuuzani zoona inu osalimvera. Mukafika poti mwa mipata khumi mukulondola isanu ndi inayi nthawi isanathe, yambani kuphatikiza ndi mawu. Chenjezo limodzi: pepala limene mwaona mayankho ake silingakuyeseninso kumva, choncho patulani mapepala ena oti musawatsegule mpaka tsiku loyesa zonse.

Ntchito yachiwiri imafuna mnzanu. Wina alembe mayina khumi achilendo, manambala a foni asanu ndi mitengo khumi yosakaniza 13 ndi 30, 14 ndi 40, mpaka 19 ndi 90, aziwerenga kamodzi kokha, winayo azilemba. Izi zimaphunzitsa dzanja kuthamanga ndi kuzolowera mayina a zilembo. Malire ake ndi akuti mnzanuyo amatchula ngati inu, choncho 15 ndi 50 zidzamveka bwino kuposa pa mayeso. Pa manambala amenewa gwiritsani ntchito mawu ojambulidwa a eni chiyankhulo. Akopereni mu foni pamene netiweki ili bwino, ndipo muzimvetsera m'mamawa kusanatenthe. Ndi kutentha kwa kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, munthu wochoka ku ntchito masana sangagwire nambala ya manambala 11, ndipo fani ikamalira pafupi n wa kumapeto kwa 15 uja samveka.

Mukamaliza pepala lathunthu, musangowerenga malikisi. Yankho lililonse lolakwa liikeni m'gulu. Kodi munalosera mtundu wolakwika? Ndiye bwererani ku ntchito yopanda mawu ija. Kodi mtundu unali wolondola koma munatola deti loyamba m'malo mwa lachiwiri? Tsegulani mawu olembedwa a zokambiranazo, mupeze liwu lomwe linachenjeza, mulitseke mzere kunsi. Kodi munamva bwino koma kalembedwe kanalakwika? Liwulo lilowe m'kabuku kanu, mulilembe mawa lake osayang'ana. Kodi munasochera n'kutaya mipata ingapo motsatana? Ndiye kuti diso linali pa mpata umodzi wokha. Magulu anayiwa ali ndi mankhwala osiyana, ndipo amene amangobwereza mapepala osadziwa gulu lake amapeza malikisi omwewo mwezi ndi mwezi.

Pomaliza yesererani m'njira imene mudzalembere. Kumene mayeso a pepala akadalipo mumapatsidwa mphindi 10 zosamutsira mayankho, ndipo m'menemo mukhoza kukonza kalembedwe n'kuona ngati liwu likufuna s kumapeto. Pa kompyuta mumalemba mayankho mawu akumveka, ndipo kumapeto mumangopatsidwa mphindi 2 zoonanso. Ngati mudzalemba pa kompyuta koma kunyumba mumayeserera ndi pensulo, bwerekani laputopu kangapo tsikulo lisanafike, muzolowere kulemba nambala ndi zilembo osayang'ana zala, komanso kudumphira m'bokosi lotsatira ndi batani la `Tab`. Mu mphindi ziwiri zomalizazo yambani ndi mabokosi opanda kanthu, kenaka muone ngati mu mpata uliwonse wa N mulidi nambala, ndipo simunabwereze `£` kapena `km` amene analembedwa kale.